Malire, osati maliro

Basi itandisiya, ndinakabisala dzuwa m'kashopu kena kotayipa makalata pafupi ndi depoti. Munali makompyuta awiri, makina a fotokope ndi benchi yolemala mwendo umodzi. Ine poti makutu anga sagona, ndinakhala pabenchipo n'kumamvera.

Pakompyuta ina panali bambo wachikulire wa jekete yotuwa, akujompha mabatani ndi chala chimodzi ngati nkhuku. Nkhani yake anali atauza kale aliyense m'shopumo. Mnansi wake ankamulowerera pamalo, opima malo ankabwera Loweruka, koma mapepala onse a malowo anali ndi mwana wake wamwamuna yemwe amagwira ntchito kutali. Popanda mapepalawo, mpanda wa mnansi ukanakhala pomwe unali. Foni mwanayo sankayankha, ati amakhala m'misonkhano. Maimelo atatu, zii.

Kalata yachinayiyi inatayipidwa ndi mayi mwini shopu, koma mutu wake bamboyo anakakamira kulemba yekha.

"Ndatha. Tumizani, mayi."

Mayiyo anawerama, kuwerenga, n'kuchotsa dzanja pamausi.

"Bambo, mwamwalira liti?"

"Mukuti chiyani?"

"Ndikuwerenga zomwe mwalemba. MALIRO A BAMBO LOWELUKA."

"Malire. Ndalemba malire."

"Pali o apa, palibe e. Agogo, taimani muone," mayiyo anandikodola.

Ndinavala magalasi. Analidi maliro, m'zilembo zazikuluzikulu ngati chikwangwani cha ogulitsa mabokosi.

Bamboyo anayang'ana nthawi yaitali. Kenako nkhope inayamba kuwala.

"Zisiyeni choncho."

"Ayi."

"Akaona zimenezi abwera lero lomwe, mapepala ali m'manja."

"Wobwera kumaliro amanyamula mapepala a malo? Abwera ndi suti yakuda ndi misozi, mapepala atasiya m'kabati. Komanso auza azilongo ake, azakhali ake, mpingo wonse. Mutu wa imelo ukapita wapita, sitingautsatire kukaukonza."

"Kompyuta ndalipira ine."

"Koma ndi yanga. Mitembo yoyenda sindituma."

Bamboyo anatsonya, n'kutembenukira kwa ine kufuna mboni. Ine ndinayamba kupukuta magalasi.

Mayiyo anamupempha asunthe, nakhala pampando. Anayamba watsegula makalata atatu akale aja, n'kugwira m'chiuno.

"Taonani. Yoyamba mutu wake ndi 'Moni'. Yachiwiri ilibe mutu. Yachitatu, 'Re: Moni'. Munthu wolandira maimelo zana patsiku atsegula moni?"

"Moni wa bambo ake."

"Akudziwa bwanji kuti mkati muli moto? Akuti ndiwerenga ndikapeza mpata. Mpatawo ndi uwu mukuudikirawu."

Anazimitsa batani la zilembo zazikulu, ati zilembo zazikulu zokhazokha ndiye kukalipa, ndipo ena amangoziyesa zotsatsa malonda. Chachikulu chikhale choyamba, ndi L wa Loweruka poti ndi dzina la tsiku. Anachotsanso l wachiwiri wa LOWELUKA n'kuikapo r.

"Ine ndimatchula Loweluka kuyambira ndili mwana."

"Tchulani momwe mukufunira. Polemba, pambuyo pa e timaika r."

Pakompyuta panaoneka: Malire a bambo Loweruka. Bamboyo anati basi, zatheka, tumizani, dzuwa likupita. Mayiyo sanatumize. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, chala chikutsata liwu lililonse, n'kupukusa mutu.

"Chavutanso n'chiyani, mayi inu?"

"Zilembo zili bwino, koma mwana wanu awerenga pafoni akuthamanga. Malire, bambo, Loweruka. Maso ake aikapo okha o uja. Ndipo sizikunena choti iye achite."

"Ndiye tilembe buku?"

"Ayi, foni imadula mutu wautali. Chofunika chikhale kutsogolo."

Anafufuta zonse. Anafunsa deti, bamboyo n'kunena pa 12, kenako pa 14. Mayiyo anapuma mozama, nakathothola kalendala pakhoma. Loweruka linali pa 13.

Mutu womaliza unali uwu: Bwera ndi mapepala a malo Loweruka pa 13. Anauwerengetsa bamboyo, anandiwerengetsa ine, kenako anauwerenganso yekha kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo, liwu ndi liwu.

"Mawu asanu ndi atatu atidyera ola lathunthu," bamboyo anang'ung'udza pomwe mayi ankadina potumiza.

Sanachoke. Anadzakhala nane pabenchi, chipewa pabondo, akundifotokozera za ana a masiku ano. Mayiyo anapita kumakina a fotokope omwe anali atameza pepala la munthu wina. Patapita mphindi ngati makumi awiri anasuzumira pakompyuta paja.

"Bambo, ayankha."

Bamboyo anadzuka mofulumira moti benchi inatsala pang'ono kundigwetsa.

"Akuti: 'Ndifika Lachisanu masana, mapepala ndawapeza. Koma adadi, nkhani yaikulu chonchi bwanji osandiuza kale?'"

Bamboyo anakoka mpando, nakweza chala chake chija.

"Ndimuyankhe ndekha ameneyu. Batani la zilembo zazikulu lija lili pati?"