Kusala kwa Ba Kabaso

Mpingo wawo ku Mtendere utayamba kusala kudya mu Januwale, Ba Kabaso anapitiriza kunyamula zitsulo zolimbitsa thupi masana, mpaka tsiku lina chizungulire chinawakhazika pansi. Anasintha. Ankanyamula pang'ono dzuwa likapendeka, likalowa n'kumasula ndi madzi, nsima, kapenta ndi nyemba. M'bandakucha ankadya mazira owiritsa kuti minofu isaphwe.

Lamlungu lina abusa anawayang'anitsitsa m'mapewa. Anthu onse malamba anali atakhwepa, koma jekete la Ba Kabaso linali lothinabe.

"Ba Kabaso, musala zoona imwe?"

Akazi awo, Ba Felistus, anawayankhira: "Basala, abusa, tsiku lonse. Zamene zayonda ni nkhuku zanga, poikira mazira a m'bandakucha."

Abusa anaseka, kenako anafunsa chapansipansi kuti mazirawo amadya angati.