Tabuleti Yakale ya Chester

Chester anagwira ntchito zaka zambiri ku ofesi ya bungwe la alimi a tiyi pa boma la Mulanje. Ndiye analemba pulogalamu imene makalaliki amagwiritsa ntchito m'mashedi: mlimi akabweretsa masamba, kalaliki amayeza pasikelo, nalemba makilo pa tabuleti, tabuletiyo n'kutumiza ku seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse, ndipo mlimi amalandira meseji pafoni. Kuyambira ku Thuchila mpaka ku Milonde, chinthu chikavuta anthu ankati, "Imbirani a Chester."

Kenako kunabwera Rehema, wochokera ku kampani ina ya ku Blantyre. Sabata yake yoyamba isanathe anafunsa funso limene Chester sanaliiwale.

"Mukamaliza kuika pulogalamu yatsopano pa seva yeniyeni, mumadziwa bwanji kuti zili bwino?"

"Ndimayang'ana," anatero Chester.

"Mumayang'ana chiyani?"

Chester anagogoda chala pamutu pake. Rehema sanaseke. Mmawa mwake anabwera ndi mndandanda wa zoyesa mwachangu, zimene ankati simoko tesiti. Sunali wautali. Kodi seva ikuyankha? Kodi nambala ya pulogalamu imene ikuoneka ndi yatsopanoyo? Kalaliki woyeserera akutha kulowa? Makilo olembedwa pa tabuleti m'dzina la mlimi woyeserera akufika pa seva? Meseji ikubwera? M'malogi, mmene seva imalemba zochitika zake, muli zolakwika zatsopano? Chimodzi chikalephera, pulogalamu yakale ibwezeretsedwe pomwepo, chifukwa chake chifufuzidwe pambuyo. Ndipo amene waika pulogalamuyo asamadzichongere yekha.

Zonsezi Chester ankazichita kale, ngakhale osati tsiku lililonse. Koma abwana awo, mayi Christobel, anamatitsa pepalalo pakhoma, ndipo ofesi yonse inayamba kulitchula kuti mndandanda wa a Rehema. Pamisonkhano mayiwo ankatembenukira kaye kwa Rehema. Makalaliki nawonso anapeza nambala yake. Foni ya Rehema ikalira, Chester ankatchera khutu kuti amve ngati ndi shedi ya ku Nkando, imene iye anaikamo tabuleti yoyamba mvula ikumunyowetsa.

Mu Januwale, tiyi ali pachimake, Rehema anamaliza gawo lake loyamba lalikulu la pulogalamu: kalaliki azisankha gulu la masamba, kaya ndi nsonga zabwino kaya okhwima. Pa seva yoyeserera zinayenda bwino. Mayi Christobel anali atauza kale akomiti kuti mtsikanayu ndi dalitso.

Rehema ndi Chester anadikira Lachiwiri madzulo, mashedi atatseka. Rehema anaika pulogalamuyo pa seva yeniyeni, nati, "Yalowa. A Chester, yambani."

Chester anatenga pepala ndi cholembera ngati munthu wotumidwa kumunda wa wina. Seva inayankha. Nambala inali yatsopano. Analowa ngati kalaliki woyeserera. Pofika pa makilo, tabuleti yatsopano ya ofesi inali itathera moto, choncho anatulutsa m'dirowa yake yakale yong'aluka galasi, yokhala ndi apu yakale, pulogalamu ya pa tabuleti yomwe inali idakali m'mashedi ambiri. Analemba makilo a mlimi woyeserera. Tabuleti inati zasungidwa. Anatsegula tsamba la pa seva kuti awaone.

Panalibe kanthu.

Anatumizanso. Palibe. Foni yoyeserera inali patebulo, zii. Chester anaizindikira nkhaniyo nthawi yomweyo. Seva yatsopano inkafuna gulu la masamba pa makilo alionse, apu yakale sinkatumiza gululo, ndiye seva inkakana. Rehema anayesa zake zonse ndi apu yatsopano.

"Kumalogi kuli bwino," anatero Rehema osacheuka. Kukana kwa mtundu umenewo seva sinkakulemba ngati cholakwika. "Inu muli pati?"

Chester anangoyang'ana tsamba lopanda kanthu lija. Mumtima mwake munali kutsekemera kumene sanakumvepo chibwerere Rehema. Akanatha kutchaja tabuleti yatsopano, kuyesera pamenepo, n'kuchonga osanama ngakhale pang'ono. Mawa dzuwa likamakwera mashedi akanadzaza, alimi akanaima ndi madengu akudikira meseji yosabwera, ena akanakana kusiya masamba awo, ndipo masambawo akanayamba kupsa ndi kutentha. Mafoni onse akanalira pa desiki ya Rehema. Kenako mayi Christobel akanatuluka mu ofesi mwawo n'kunena mawu aja akale akuti, "Imbirani a Chester." Anaziona zonsezi bwinobwino, mpaka nkhope ya Rehema, ndipo anazikonda.

Anaonanso nkhope za makalaliki amene iye mwini anawaphunzitsa, atazunguliridwa ndi anthu olusa pa chinthu chimene sanalakwe.

"A Chester?"

"Yalephera," anatero. "Makilo a pa apu yakale sakufika. Bwezani."

Rehema anabwera kudzaona yekha. Anayang'ana tabuleti, nayang'ana tsamba la seva, nagwira pakamwa. Sanatsutse. Anabwerera pampando wake n'kubwezeretsa pulogalamu yakale. Zimene anasintha mu databesi, mosungira makilo a alimi, zinali zongowonjezera danga, ndiye yakaleyo inadzuka popanda vuto. Anayambanso mndandanda kuchokera pamwamba, chifukwa kubweza nakonso ndi kuika. Ulendo uno makilo anaoneka pa seva ndipo foni yoyeserera inalira.

Chester anapita kunyumba akuyenda mopepuka. Mkazi wake Esteri anamufunsa chimene ankamwetulira. Iye anangoti ntchito yayenda.

Mmawa mayi Christobel anaitanitsa onse. Rehema anafotokoza yekha zimene zinachitika, osabisa kuti anaiwala za apu yakale, ndipo anatchula kuti amene anaona ndi a Chester. Chester anakonza kolala.

"Mwaona?" anatero mayi Christobel, akuloza pakhoma. "Chaka chatha zoterezi tikanazimvera kwa alimi. Lero tazigwira tisanatuluke mu ofesi. Mndandanda wa a Rehema watipulumutsa. Zikomonso a Chester potsatira bwino."

Potsatira. Mawuwo anamuzungulira m'mutu tsiku lonse. Munthu walakwitsa, koma watuluka ndi ulemu woposa umene analowa nawo. Mayiwo anawonjezanso kuti mwezi wamawa Rehema akalankhule za mndandandawu ku msonkhano wa mabungwe a alimi ku Lilongwe.

Masana Rehema anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi desiki yake.

"Ndakonza kuti seva izilandira makilo opanda gulu mpaka matabuleti onse atasinthidwa. Ndikufuna mundionere ndisanaike. Komanso mzere wa makilo uja pa mndandanda ndi woperewera. Uyenera kunena kuti tiziyesa ndi apu yakale ndi yatsopano yomwe. Inu mukudziwa zimene zili m'mashedi, ine sindikudziwa. Mungaulembe?"

Chester anafunafuna chipongwe pankhope yake, koma sanachipeze, ndipo zimenezo zinamupweteka kwambiri.

"Ndilemba," anatero.

"Dzulo munakhala chete nthawi yaitali," Rehema anatero akuimirira.

"Netiweki imachedwa."

Rehema anamuyang'ana pang'ono, nagwedeza mutu, napita.

Chester analemba mzerewo, nawonjezera wina woti kukana kulikonse kwa seva kuzioneka m'malogi. Lachinayi Rehema anaikanso gawo lake, Chester anayesa ndi matabuleti onse awiri, ndipo zonse zinadutsa. Ku Lilongwe anapitadi Rehema. Chithunzi chake ataima kutsogolo kwa anthu chinafika pa gulu la ofesi, anzawo n'kumaikapo timanja toomba. Chester anachikulitsa ndi zala mpaka anawerenga mizere yake iwiri ija pa sikirini kumbuyo kwa Rehema. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuza foni chafufumimba n'kupitiriza ntchito.