Mzere umene ndinachotsa

Ndinatayipa mapepala zaka zisanu ndi zinayi mu ofesi ya loya wina pa boma la Mangochi, ndipo ndinkadzitama kuti ine Elsie sindilakwitsa. Loyayo, Bwana Kingstone, anandiphunzitsa tsiku loyamba lomwe kalembedwe ka mndandanda m'pangano. Mfundo iliyonse imathera ndi semikoloni, kadontho kokhala ndi mchira pansi pake, kupatula yomaliza imene imatsekedwa ndi dontho. Pamapeto pa mfundo yachiwiri kuchokera pansi pamakhala liwu limodzi lolamulira mndandanda wonse. Likakhala "or", kutanthauza "kapena", munthu akwaniritse mfundo imodzi basi. Likakhala "and", kutanthauza "ndiponso", akwaniritse zonse.

M'chaka cha 1978 kampani ina ya hotela inatenga gombe la mudzi wina cha ku Nkope. Asodzi anatuma Che Jaffalie, mkulu wa padoko, kuti awalembetsere pangano loti azikochezabe mabwato awo pamenepo. Anali munthu wachete, wa ndevu zoyera, ndipo akabwera ku ofesi ankandiitana kuti mwanangu. Bwana analemba pamanja m'Chingerezi kuti hotela idzalola padoko munthu aliyense amene:

(a) anabadwira m'mudzimo;
(b) anakwatira m'mudzimo;
(c) ali ndi manda a makolo pagombepo; kapena
(d) wawedza pamenepo zaka khumi.

A hotela anakana za manda, ati alendo sabwera kudzasambira pamaliro. Bwana anadula mzere wachitatuwo ndi cholembera, n'kukwera galimoto wa ku Blantyre, atandiuza kuti nditayipenso. Ine ndinachotsa mzere wonse monga anadulira, ndipo wachinayi ndinausandutsa wachitatu. "Kapena" uja anali kumchira kwa mzere wodulidwawo. Ndinayenera kumukweza pamzere wa ukwati, koma anapita limodzi ndi manda. Zala zanga zinathamanga kuposa mutu.

Tsiku losayina bwana anali asanabwere, choncho mapepala ndinapita nawo ndine. Loya wa hotela, kamnyamata ka tayi wofiira, anawerenga n'kuima.

"Apa pasowa liwu," anatero. Anatulutsa cholembera, n'kulemba "and" pa makope onse atatu, n'kusayina m'mbali.

Ndinaona. Ndisaname, ndinaona bwinobwino. Koma pambali pake panakhala tcheyamani wa chipani, amene anali atangolankhula kuti wotsutsa hotela ndi mdani wa chitukuko. Masiku amenewo liwu lotero linkakutengera kumene anthu sabwerako msanga, ndipo ine ndinali ndi ana awiri. Ndinayang'ana nsapato zanga.

Che Jaffalie anandicheukira. "Mwanangu, zili monga tinagwirizana?"

"Dindani, bambo," ndinatero. Anadinda chala pafupi penipeni ndi liwulo.

Bwana atabwera anagwira mutu, koma anati nkhani imene tcheyamani waombera m'manja iye saidzutsanso. Madzi akatayika saoleka, anatero, ngati kuti mwambi umadyetsa munthu.

Mpanda unamangidwa mvula isanagwe. Mlonda anapatsidwa mafunso atatu, ndipo aliyense ankagwa pa limodzi. Kunyanja kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi wake. Obadwira m'mudzimo anali atakakwatira kwina, ndipo asodzi okhalamo anali akamwini obadwira kutali. Loya wa tayi uja kaya ankadziwa zimenezi kaya anangogwera mwayi, sindikudziwa, koma ndimamuda mpaka lero, ndipo ndimadzida kuposa iye.

Patapita miyezi iwiri Che Jaffalie anafika ku ofesi atayenda wapansi, ali ndi fumbi mpaka m'maondo. Anatulutsa kope lake m'kathumba ka nsalu n'kuliyala pa tebulo langa mosamala.

"Mlonda uja sadziwa kuwerenga," anatero. "Ndamuuza kuti analemba ndi mwana wanga Elsie, ndipo Elsie salakwitsa. Tiyeni mukamuwerengere."

Ndinawalozera zilembo zitatu za "and" zija. Ndinawafotokozera zonse, za mzere wa manda, za cholembera, ngakhale za nsapato zanga. Anamvetsera osandidula. Kenaka anawerenga pa zala.

"Kukwatira ndinakwatira pamenepo. Kuwedza ndawedza zaka makumi anayi. Kubadwa ndinabadwira ku Malindi, tsidya lija." Chala chachitatucho anachigwira nthawi yaitali. "Ndiye chatsala n'chakuti ndikabadwenso?"

Ndinalira, koma kulirako sikunasinthe chilembo.

Anapinda pepala lija m'mizere yake yakale n'kulibwezera m'kathumba. Atafika pakhomo anatembenuka, osakwiya, ndipo kusakwiyako n'kumene kumandipweteka.

"Tsiku lija ndinakufunsani, mwanangu. Ine kuwerenga sindidziwa. Ndinadinda chifukwa munanena ndinu."