Foni ya pa chulu

Amuna anga a Gilibati atapita ku Joni anandisiyira ana awiri, ndime ya fodya pa esiteti ya eni ake, ndi kafoni. Kwathu ndi ku Phalombe, kuno ndilibe mbale. Lamulungu lililonse ndinkakwera pa chulu, pokhapo pamene pamagwira netiweki, n'kukoleka foniyo pa nthambi kudikira kuti aimbe.

Anaimba miyezi inayi, kenako zii. Masabata asanu ndi limodzi ndinkatsika pa chulupo manja lende, azimayi anzanga akundiyang'anira m'mbali. Tsiku lina foni inangothima. Wa pagolosale anailumikiza ku batire la galimoto, nayang'ana kamodzi.

"Yafa iyi, mayi."

Ndinene zoona, mtima unakhala pansi. Wofunsa za bambo a kunyumba ndinkangomuyankha kuti aimba bwanji foni ili yakufa.

Koma a Zipora, oyandikana nawo nyumba, pakamwa sipatsekeka. Anandiumiriza mpaka ndinapita ku Mitundu kwa a Jones, okonza mafoni pakhonde la sitolo. Ndinawauza zimene ananena wa pagolosale uja.

"Inagwapo? Inanyowa?" anafunsa a Jones.

"Mwina mame," ndinatero, ndikufuna kuti akhale mamewo.

Anachotsa batire, naliika pambali pang'ono, n'kulibwezera. Anadina batani. Palibe.

"Ikanakhala kuti yangouma mutu, apa ikanadzuka," anatero. "Nthawi zina imakhala yamoyo koma yosamva, mankhwala ake n'kuchotsa batire basi."

Kenako anatenga batire la mu foni yawo. "Ili ndi lodzaza. Ikakana ili, matenda ali m'kati, mwina madzi adya tinjira ta moto. Apo ndiye tikambe za maliro."

Ambuye andikhululukire, ndinapemphera kuti ikane. Inayaka, n'kuimba kanyimbo kake ngati palibe chachitika.

"Ndi yabwinobwino. Batire lanu linangotheratu. Kumene netiweki ili yovuta foni imaifunafuna, moto n'kumatha. Likatha chonchi, pa tchaja limayamba lakhala duu kwa kanthawi. Wa golosale wanuyo anapupuluma."

Anabwezera batire langa n'kulumikiza tchaja. Patapita kanthawi, timizere ta batire tinayamba kukwera.

Ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. A Jones anati uthenga wa masiku apafupi ukanalowa foni itangoyaka. Sunalowe. Ndinawapempha kuti ayese nambala ya ku Joni. Inaitana, inaitana, wina n'kudula.

"Mwina ali pa ntchito," anatero, maso ali pa mawaya awo.

Pobwerera ndinayenda ndekha, ndipo ndinalira, sindibisa. Nditayandikira zigafa za fodya ndinaima, n'kutsegula foni monga ndinaonera kwa a Jones. Batire ndinalimanga pa nsonga ya chitenje.

A Zipora anali pakhomo, akusoka fodya.

"Nanga, akonza?"

Ndinawapatsa foni kuti adine okha. Anadina kawiri.

"Akuti matenda ali m'kati," ndinatero.