Mankhwala a M'kabati Yokhoma

Pa chipatala pathu amanditchula Aloko, chifukwa cha loko amene ndimasunga. Ndimagwira ntchito ku famase, ndipo kiyi wa kabati yachitsulo imene timasungamo maantibayotiki omaliza amakhala ndi ine. Omaliza ndi aja timatulutsa pamene ena onse akanika. Dokotala akawafuna sangolemba chabe. Amayenera kufotokozera komiti yoyang'anira maantibayotiki, ndipo tsiku ndi tsiku komitiyo ndi anthu awiri, ine ndi dokotala wina wamkazi wachikulire amene timawatcha Achifukwa. Iwo sakana chinthu. Amangofunsa kuti "chifukwa?" mpaka munthu adzikanize yekha.

Apongozi anga anabwera pa wodi ya amayi atathyoka fupa la m'chiuno. Opaleshoni anawachita pa chipatala china, ndipo kumeneko anawasiya pa jakisoni wa maantibayotiki mpaka tsiku lowatumiza kwathu, bala lili bwinobwino. Amati kuchitira mwina. Kwathu timabaya kamodzi opaleshoni isanayambe, basi. Anabweranso ndi kapaipi ka mkodzo kamene palibe anakumbukira kukachotsa.

Mwana wawo, mkazi wanga, anamwalira kale. Apongoziwo sanasinthe. Ndikalowa amati, "Afika akamwini anga, radiyo yopanda mabatire." Ine ndimakhala pa mpando, iwo amalankhula.

Tsiku lina nesi anaona mkodzo wa m'thumba uli mbuu, natumizako ku labu. Zotsatira zitapsa, mayi wa ku labu anandiitana yekha.

Anaika kambale patsogolo panga. Pamwamba pake panali patamera tizilombo tonenepa ngati mamina, ndipo apo ndi apo panali timapepala tozungulira, kalikonse konyowa ndi mankhwala ake. Mankhwala akamagwira, tizilombo timasiya bwalo loyera kuzungulira kapepalako. Apa tinamera mpaka kugunda timapepala tonse.

"Kachilomboka ndi Kilebusiyela," anatero mayiwo. "Onani meropenemu wanu mumamunyadira uja. Kamukwera pamutu."

"Kakudula?"

"Kakudula. Kakutulutsa timadzi take todula ngati lumo, mankhwala akuduka asanafike pogwira. Ndipo sindingadabwe ngati katsekanso timakomo ta pa khungu pake, kuti ngakhale wopulumuka alowe movutika. Kolisitini wa m'kabati mwanu ndamuyesa padera m'timachubu. Yekhayo ndiye akugwira."

Anavula magolovesi. "Aloko, chimene chikundiopsa si kameneka kokha. Luso lopanga lumoli limakhala pa kachingwe ka majini kamene tizilomboti timapatsana ngati ana opatsana mayankho m'kalasi. Kangathe kugawira ngakhale tizilombo ta mtundu wina. Wodwalayu akhale payekha."

Masana omwewo apongozi anasamutsidwira m'kachipinda ka kumapeto kwa wodi. Pakhomo anaikapo maepuloni, magolovesi ndi botolo la sipiriti wopaka m'manja.

Dokotala wa pa wodi anali atapempha kale kolisitini. Tinapita ndi Achifukwa kukaona wodwala, monga timachitira pempho lililonse. Pa khomo Achifukwa anandiimitsa.

"Awa ndi abale anu. Lero mulibe mawu. Mungogwira kiyi."

Ndinagwedeza mutu.

Apongozi anali khale, akusenda lalanje. "Taonani," anatero, "mwandivalira ngati mukukapha tizilombo m'nkhokwe. Ndanunkha kodi?"

Achifukwa anawagwira pamphumi, anawadina pamimba, anawagogoda pamsana pamene pali impso. Anawafunsa dzina la tsikulo, ndipo anayankha n'kuwonjezapo za nesi amene anachedwa ndi madzi osamba.

"Mukufuna kolisitini," anatero Achifukwa kwa dokotala wa pa wodi. "Chifukwa?"

"Mkodzo wameretsa Kilebusiyela wosamva mankhwala."

"Thupi latentha?"

"Ayi."

"Akumva kupweteka? Asokonezeka mutu? Magazi akuthamanga motsika?"

"Ayi. Koma kachilomboko ndi koopsa, adokotala. Tikakasiya kakalowa m'magazi."

"Kapaipi kalikonse kakakhalitsa kamameretsa tizilombo. Kukhala nato ndi kwina, kudwala nato ndi kwina. Impso zawo mwaziona?"

Anali ataziona. Zinali zofooka kale, ndipo kolisitini amaluma impso.

"Tikabaya lero," anapitiriza Achifukwa, "impso tiwononga, kachilomboko sitikamaliza chifukwa kamamatira pa kapaipi ndipo kadzaza kale m'matumbo. Totsalato tidzakhala tija taphunzira kusintha khungu kuti kolisitini asamamatire. Tsiku limene adzadwaledi, tidzawapatsa chiyani? Chotsani kapaipi. Muziwayeza pafupipafupi. Mankhwala ayi."

Mlamu wanga, mchimwene wa malemu mkazi wanga, amawotcherera zitsulo. Anandipeza pa windo la famase ali ndi ovolosi yake.

"Alamu, akuti mankhwala alipo."

"Alipo."

"Akuti kiyi muli naye ndinu."

"Ndili naye."

"Ndiye?"

Ndinatuluka, tinakaima pa khonde. Ndinayesa kufotokoza. Ndinati m'thupi mwa munthu muli tizilombo tambiri, tambiri mwa ito tosalakwa. Jakisoni amene amayi anabayidwa nthawi yonse ija anapha tofooka, n'kusiya malo onse kwa tolimba. Kuwonjeza mankhwala pamene munthu sakudwala n'kubwereza zomwezo.

"Musandiphunzitse sukulu," anatero. "Galimoto ikayamba dzimbiri sudikira kuti ibooke."

"Mankhwalawa angawaphe impso."

"Nanga kachilomboko sikangawaphe?"

"Kangathe."

"Achemwali anapita mukungoyang'ana chonchi, manja m'thumba. Tsopano amayi. Loko wanuyo ine ndingamudule tiyi asanazizire."

Matenda a mkazi wanga sanali a mankhwala a m'kabati. Mlamuyo ankadziwa. Ndinabwerera ku famase.

Kapaipi kanachoka. Apongozi anayamba kukodza okha, akudandaula kuti chiwaya chimazizira. Zinayenda bwino mpaka m'mawa wina pamene nesi anaimba foni ku famase.

"Aloko, bwerani. Thupi latentha, akunjenjemera."

Ndinatsegula kabati. Chitseko chake chimalendewera, umachita kuchinyamula ndi bondo. Ndinatenga bokosi la kolisitini n'kuliika m'thumba la jasi. Palibe anandituma.

Mlamu anali pa khomo la kachipinda, epuloni atavala chotembenuza. Apongozi anali atafunda mpaka m'khosi, mano akugundana. Sanatchule za radiyo.

Dokotala wa pa wodi anayang'ana Achifukwa. Sananene kuti ndinanena, koma nkhope inanena.

"Mwina munalondola," anatero Achifukwa. "Tengani magazi kaye, m'malo awiri, mankhwala alionse asanalowe. Tikabaya tisanatenge, ku labu sikumera kanthu, tikhala tikuombeza. Fulumirani."

Kenaka anayamba kufufuza, kuchokera kumutu. Anamvetsera pachifuwa, panali poyera. Bala la opaleshoni linali louma. Pamimba ndi pa impso sipankapweteka, pokodzanso anati sakumva kuwotcha. Atafika pa mkono wamanzere apongozi anaubweza msanga.

"Pamenepo ayi, mwananga."

Pa mkonopo panali kapaipi ka diripi kokutidwa ndi pulasitala wokhuthala, wakale, woti anabwera naye kuchokera ku chipatala china chija. Diripi anasiya kalekale, koma anesi anakasiya kuchitira mwina, chifukwa misempha ya okalamba imavuta kupeza. Achifukwa anamatula pulasitalayo pang'onopang'ono. Pansi pake panali pofiira, potupa, ndipo mzere wofiira unkakwera kulowera m'chigongono. Atadina panatuluka mafinya.

"Amayi, bwanji simunanene?" anafunsa mlamu.

"Nonse munali pa mkodzo wanga."

Kapaipiko anakazula, mafinya n'kutumiza ku labu limodzi ndi magazi.

"Apa kawirikawiri amakhala sitafi, kachilombo ka pa khungu," anatero Achifukwa. "Kolisitini sakamukhudza n'komwe. Amagwira pa chikuto chakunja chimene Kilebusiyela ali nacho, sitafi alibe. Aloko, kulokisasilini, tsopano lino. Wa pa shelefu wamba uja."

"Nanga ngati ndi Kilebusiyela yemwe uja?" anafunsa dokotala wa pa wodi.

"Ndiye ndalakwa, ndipo tidziwa msanga. Ku labu ayang'ana mafinyawa pa makina oonera tisanadye nkhomaliro. Mukhale pafupi. Magazi akangoyamba kutsika kapena akasokonezeka, mundiitane, tibaya kolisitini osadikira." Anayang'ana thumba langa lotukuka. "Ndikuona wafika kale."

Ndinakhala pa benchi panja pa kachipindako. Mlamu anakhala mbali ina ya benchi lomwelo. Nesi ankalowa, kuyeza, kutuluka, kupaka sipiriti m'manja. Bokosi linkandidina m'nthiti.

Mayi wa ku labu anabwera yekha. "Timipira tofiirira, tounjikana ngati mphesa," anatero. "Kilebusiyela amakhala timitengo. Palibe ngakhale kamodzi."

Magazi atameretsa, chinatuluka n'chomwecho: sitafi, ndipo womva kulokisasilini. Zikanatheka kukhala wa mtundu wina wosamva, umene umasintha malo ogwira mankhwala, koma sanali. Thupi linazizira pang'onopang'ono. Jakisoni anapitirira masabata ake onse, chifukwa sitafi akalowa m'magazi sumudulira njira. Impso sizinasunthe. Kolisitini ndinamubweza m'kabati bokosi losatsegula. Kuyambira pamenepo Achifukwa akamazungulira mawodi amaloza kapaipi kalikonse, ka mkodzo kapena ka pa mkono, n'kufunsa funso lawo lija. Kopanda yankho kamachoka tsiku lomwelo.

Tsiku lotuluka, Achifukwa anauza apongozi kuti Kilebusiyela akadali m'thupi mwawo, mwina akhala nthawi, ndipo akapita chipatala chilichonse azinena pofika. M'manja azisamba ndi sopo, iwo ndi owasamalira.

"Ndiye ndikupita naye kunyumba mlendoyu?"

"Mukupita naye. Musamudyetse maantibayotiki a pa golosale, angakule mtima."

"Akamwini, mwamva? Ndili ndi wina wosalankhula ngati inu."

Mlamu anabwera ku famase kudzatenga mankhwala a ululu. Ndinali nditatsegula kabati, chitseko ndachichirikiza ndi bondo. Anasuzumira pa windo.

"Ndi imeneyo?"

"Ndi imeneyi."

"Yaing'ono chonchi." Anayang'anitsitsa. "Chitsekocho chatsala pang'ono kugwa. Ndani anawotcherera zimenezi, wakhungu?"

Ndinamupatsa mankhwala ake. Anawaika m'thumba la ovolosi, koma sanachoke.

"Loweruka mumagwira?"

"Mpaka masana."

"Muchotsemo mankhwalawo m'mawa, asaone moto. Ndibwera ndi makina."