Wamalonda Wopanda Mnzake

Dzina lakuti Chidule anamupatsa ndi a Pulofesa, kalekale ali chaka chachiwiri pa yunivesite. Lero tsitsi layamba imvi, ndiye mkulu wa dipatimenti ya masamu, koma dzinalo silinachoke. Mmawa umenewu anakhala pa benchi ya kumbuyo m'kalasi la a Pulofesa omwewo, mtima ukuwawa. Ophunzira anali atadandaula kuti a Pulofesa ayamba kuiwala, ndipo akuluakulu anati iye akaone yekha ngati a Pulofesawo angapitirize kuphunzitsa.

A Pulofesa analowa atavala jekete lawo lotuwa ndi choko m'zigongono.

"Mwadzuka bwanji, anthu a masamu? Lero tili ndi wamalonda woyendayenda. Ayenera kufika m'tauni iliyonse kamodzi, n'kubwerera kwawo, pa ulendo waufupi koposa."

Anajambula matauni asanu ndi imodzi: A, B, C kumanzere, D, E, F kumanja. Msewu wa pakati pa matauni a mbali imodzi, kilomita imodzi. Msewu uliwonse wowolokera mbali ina, makilomita khumi.

"Msewu uliwonse tiupatsa x wake. Akaudutsa, x ndi 1. Akapanda kuudutsa, x ndi 0. Tichulukitsa x aliyense ndi kutalika kwa msewu wake, tiphatikiza zonse, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho tikufuna chichepe. Lamulo ndi ili: tauni iliyonse ikhudzidwe ndi misewu iwiri yosankhidwa, wolowera ndi wotulukira."

Mawu anali omwe aja, dzanja losanjenjemera. Chidule anapumira m'mwamba. Ana a masiku ano amadandaula ngakhale choko chikathyoka.

Chitsanzochi ankachidziwa ngati chikhatho chake, chifukwa ndi msampha umene iye anakodwamo. Tsiku lija anathamangira ku bolodi, nalumikiza A, B, C paokha, D, E, F paokha, nati yankho ndi makilomita asanu ndi imodzi. Tauni iliyonse inali ndi misewu yake iwiri, lamulo silinaphwanyidwe. A Pulofesa anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Iwe Chidule, wamalonda wako ali ndi mapasa? Ku D wafikako bwanji?" Kalasi lonse linagwa ndi phwete.

Tsopano a Pulofesa analumikiza A, B, C. Analumikiza D, E, F. Analemba 6, namudula mzere kunsi kawiri. Chidule anadikira nthabwala ija, koma iwo anapukuta manja.

"Ndiye yankho limenelo. Pali funso?"

Ophunzira ena anaona cholakwikacho n'kuzolika. Chidule anamva chisoni chimene sanachimvepo chimwalirire bambo ake. Anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Pepani a Pulofesa. Wamalondayu ali ndi mapasa?"

A Pulofesa anatembenukira ku bolodi, nayang'ana nthawi yaitali. Kenaka nkhope inawala.

"Ayi ndithu, mayi, ali yekha. Mwafunsa bwino. Timaulendo tiwiri todzitsekera si ulendo umodzi. Tiyenera kutiletsa."

Analemba mofulumira: x ya AB + x ya BC + x ya AC ≤ 2.

"Matauni atatu, misewu ya m'kati mwawo isapose iwiri. Wachitatu ndiye wotseka khomo. Lamuloli ndi la gulu lililonse la matauni, bola lisakhale matauni onse: misewu yosankhidwa m'kati mwake isapose chiwerengero cha matauniwo kuchotsapo chimodzi. Ndiye wamalonda afune asafune, atuluka."

Anafufuta msewu wa C ndi A, ndi wa F ndi D, nalumikiza C ndi D, F ndi A.

"Misewu inayi yaifupi, iwiri yaitali. Makilomita 24. Ndi wautali, inde, koma munthu mmodzi angauyende."

Ophunzira analemba, ena akumwetulira. Chidule anayamba kale kukonza mawu okauza akuluakulu: kuphonya kamodzi, ndani saphonya? Zakuti anamutchula "mayi" osati Chidule anazikankhira pambali. Mwina benchi inali kutali.

A Pulofesa anafufuta bolodi lonse bwinobwino mpaka m'makona, monga ankachitira nthawi zonse asanalowe mutu wina. Anaika chofufutira pa tebulo, nakonza jekete, natembenukira kalasi ndi nkhope yansangala.

"Mwadzuka bwanji, anthu a masamu? Lero tili ndi wamalonda woyendayenda. Ayenera kufika m'tauni iliyonse kamodzi..."

Zolembera zinaima. Iwo anajambula A, B, C kumanzere.

Chidule anawauza ophunzira ndi dzanja kuti atuluke mwakachetechete. Atatha onse, anatsika n'kukhala pa benchi ya kutsogolo, pamene ankakhala kale. A Pulofesa anafika pa 6, namudula mzere kawiri, natembenuka. Anadabwa kuona mabenchi opanda anthu.

"Mwatsala nokha, mayi? Chabwino. Pali funso?"

"Palibe, a Pulofesa," anatero Chidule, misozi ili m'masaya. "Mwaphunzitsa bwino. Tiyeni ndikuperekezeni kunyumba."