Mizere Iwiri pa Galasi la Mwaye

Ottilia Phiri, mtsikana wa Giredi 11 wa ku Mkaika, anafika pampikisano wa sayansi ku Katete ndi katundu wokwana m'thumba la shuga: katochi ka leza kowala mofiira, tepi, rula, malezala, ndi kagalasi kodetsedwa ndi mwaye wa koloboyi. Wopambana mmodzi yekha ndiye amapita ku Chipata, ndipo iye ankafunitsitsa.

Pagalasipo anali atalemba mizere iwiri ndi malezala awiri ogundanitsa, motero mizereyo inatalikirana milimita 0.1, kunenepa kwa lezala limodzi. Bambo ake, a Nikodemo, omwe anamubweretsa panjinga, anasunga thumbalo iye ali pamzere wolembetsa.

Jaji, mayi Tryness Mbewe, atafika patebulo lake, Ottilia anafotokoza mosanjenjemera. Kuwala kukadutsa m'mizere iwiriyo, mafunde ake amakumana pakhoma. Pomwe agwirizana pamawala, pomwe atsutsana pamada.

"Funde la kuwala uku ndi lotalika nanomita 650, khoma lili pa mamita awiri," anatero Ottilia. "Tichulukitse ziwirizi, tigawe ndi mpata wa mizere. Madontho owala ayenera kutalikirana mamilimita 13."

Anayatsa katochi kaja. Pakhoma panaoneka timadontho tothinana ngati mapira otayika.

Koma mtsikanayu sagonja msanga. Anakayeza ndi rula mipata khumi pamodzi, napeza mamilimita 13. Mpata umodzi 1.3 basi. Anaiwerenga samu chobwerera.

"Madamu, mpata wa madontho wachepa kakhumi, ndiye kuti mizere yatalikirana kakhumi. Yafika milimita imodzi." Anakweza galasilo kuwindo, ndipo zinalidi choncho.

Mayi Mbewe anagwedeza mutu mokhutira. "Samu ukuidziwa. Nanga unalemba wekha mizere osadziwa mpata wake?"

"Ndine ndakonza, madamu!" anafuula bambo a Ottilia.

A Nikodemo anali ataimirira kumbuyo kwa holo, chipewa m'manja, nkhope ili ngwee. Anati mwaye unafufutika m'thumba panjira. Iwo anakapempha kandulo pagolosale, nadetsanso galasilo, naika kachidutswa ka katoni pakati pa malezala, nalembanso mizereyo.

"Mwana anathinanitsa kwambiri," anatero. "Chimanga chothinana sichibereka. Ndinati ndimutalikitsireko, zituluke zazikulu."

Za kumunda ananena zoona. Kuwala kokha ndiko kumachita zosemphana: ukatalikitsa mizere, madontho amathinana.

Lamulo la mpikisano linali lodziwika, chipangizo chizikhala cha manja a mwana yekha. Mayi Mbewe anayang'ana bamboyo, anayang'ana mwana, nadula mzere pa dzina la Ottilia papepala lawo, kumuchotsa mumpikisano. Zinawawawa, koma anapita patebulo lotsatira.

Panja a Nikodemo anapopa tayala akuimba kanyimbo ka kutchalitchi.

"Ndaona jaji akugwedeza mutu," anatero. "Ku Chipata mupita liti?"

Ottilia anakulunga galasilo m'nsalu bwinobwino, kuti mwaye usafufutikenso.

"Kwerani, atate," anatero. "Ndipalasa ndine."